Kalata yotsanzika amene anakuphunzitsani ntchito

M'maofesi ambiri kuno kwathu, munthu akamachoka pa ntchito mwambo wake ndi wodziwika. Sabata yomaliza envelopu imayenda tebulo ndi tebulo, ena amaponya kangachepe kawo pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo Lachisanu chakumadzulo anthu amasonkhana m'chipinda chochitira misonkhano. Pamakhala zoziziritsa kukhosi, mwina ndi keke, komanso chitenje kapena wotchi yapakhoma yokutidwa bwino. Wina amatsegula ndi pemphero, bwana amalankhula, woimira ogwira ntchito amalankhula, kenako mwini wake amayankha. Mawu amene amamveka amakhala ofanana kulikonse: anali olimbikira, anali odzichepetsa, anali ochezeka, tidzawasowa. Mawu amenewa ndi oona ndipo ali ndi malo ake.

Koma pagulupo pamakhala munthu mmodzi, kawirikawiri wamng'ono pa udindo, amene ali ndi ngongole ya mtundu wina. Iyeyo anafika pa kampaniyo ali ndi satifiketi m'manja koma ntchito yeniyeniyo asakuidziwa, ndipo amene akuchokawo ndi amene anamukokera mpando pafupi n'kumuonetsa kachitidwe kake. Munthu wotere sapatsidwa mpata wolankhula pa mwambowo, ndipo ngakhale atapatsidwa, zimene akufuna kunena si zoti zinenedwe pakati pa phokoso la mabotolo. Iye ndi amene ayenera kulemba kalata.

Ndikuti ayenera chifukwa palibe pepala lina lililonse limene lidzanene zimene iye akudziwa. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, limapatsa wogwira ntchito ufulu wopempha chikalata pamene ntchito yake yatha. Chikalata chimenecho chimatchula dzina la kampani, nthawi imene munthuyo wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Sichinena kuti m'zaka zonsezo anaphunzitsa achinyamata angati, kuti anawapirira bwanji, kapena kuti anawatchinjiriza kangati. Ntchito yolera anzawo pa ntchito anthu ambiri amaichita popanda kulipidwa ndiponso popanda kulembedwa pena paliponse, ndipo ambiri amapuma pa ntchito osadziwa ngati zimene ankanenazo zinamugwira munthu. Mboni yake ndi wophunzitsidwayo basi.

Vuto limayamba pamene wagwira cholembera. Ambirife timalemba zomwe zija tinamva pa mwambo: "Ndikuthokoza chifukwa cha zonse zimene munandichitira. Munali ngati kholo langa. Ndaphunzira zambiri kwa inu. Mulungu akudalitseni kumene mukupita." Palibe chabodza m'menemo, koma kalata yotere mungathe kuichotsa dzina n'kuipereka kwa mphunzitsi wanu wa ku pulayimale, kwa abusa kapena kwa amalume, ndipo ingawakwane onsewo. Wolandirayo amaona kuti mumawafunira zabwino, koma saona kuti munawaonadi. Choyesera chake ndi chimenechi: ngati kalatayo ingathe kupita kwa munthu wina aliyense osasintha kanthu, ndiye kuti simunayambe kulemba.

Chimene chimaipatsa kalata moyo ndi chinthu chimodzi chenicheni chimene munthuyo anakuphunzitsani, chonenedwa mwatsatanetsatane mpaka iye mwini akumbukire tsikulo.

Titenge chitsanzo cha mtsikana amene analembedwa ntchito ya ukalaliki mu ofesi yowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa katundu ku Limbe. Pamwamba pake pali mayi wachikulire, akawuntanti, amene tsopano akupuma pa ntchito. Mtsikanayo akafunsidwa zimene mayiwo anamuphunzitsa, yankho loyamba limabwera lalikululikulu: kulimbikira, kukhulupirika, kusunga nthawi. Ayenera kupitirira pamenepo n'kudzifunsa funso lina. Kodi ndi chiyani chimene manja anga amachita lero, chimene sankachita ndisanakumane ndi mayiwa?

Akaganiza bwino, akumbukira kutha kwa mwezi wake woyamba. Mu ofesi yowerengera ndalama, mwezi ukatha pamakhala ntchito yofananitsa buku la ndalama la kampani ndi sitetimenti yochokera ku banki. Zimene buku likunena kuti zalowa ndi kutuluka ziyenera kugwirizana ndi zimene banki ikunena, kupatula zinthu zodziwika bwino monga ndalama zimene banki yadula yokha kapena zimene zaikidwa mochedwa moti sizinaonekere. Tsiku limenelo panatsala kusiyana kwa K27,000 kumene sikunkadziwika kochokera. Mtsikanayo anabwereza kuwonkhetsa, anayambanso mzere woyamba mpaka womaliza, anzake anaweruka, koma kusiyanako kunali pomwepo. Mayi aja anali atanyamula kale chikwama. Anachiika pansi, n'kumuuza kuti agawe nambalayo ndi 9. Inagawika bwinobwino, yankho 3,000. Ndipo anamufotokozera kuti kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, malo oyamba kuyang'ana ndi pamene manambala awiri asinthana malo polemba. Posakhalitsa anaipeza vocha ya K385,000 imene inalowetsedwa m'buku ngati K358,000.

Mayiwo sanalekere pomwepo. Anamuuza kuti njirayi imangoloza koyambira, chifukwa nambala ikhoza kugawika ndi 9 mwangozi chabe. Anamuonetsanso ina: kusiyana kukakana, ukugawe pawiri, n'kufufuza ngati pali ndalama ya kuchuluka kumeneko imene yalembedwa mbali yolakwika, chifukwa ndalama yolowa ikalembedwa ngati yotuluka kusiyana kwake kumawirikiza kawiri. Ndipo m'mawa mwake, bwana atafunsa chifukwa chake malipoti anachedwa, mayiwo anangoyankha kuti panali kusiyana ndipo takupeza. Dzina la mtsikanayo silinatchulidwe.

Apa ndiye pali kalata. M'nkhani imodzi yomweyi muli luso limene analandira, muli nthawi imene mayiwo anataya pomwe akanatha kupita kwawo, ndiponso muli chitetezo chimene anamupatsa pamaso pa bwana. Sakufunikanso kulemba kuti mayiwo anali oleza mtima kapena okoma mtima. Akangofotokoza za chikwama chija chimene chinabwezedwa pansi, wowerenga aliyense aona yekha.

Kalatayo ikhoza kuoneka motere, dzina la mayiwo litaikidwa pamwamba:

"Amayi,

Ndamva kuti Lachisanu likudzali ndi tsiku lanu lomaliza, ndipo sindinafune kuti muchoke ndisananene izi.

Mwina simukumbukanso kutha kwa mwezi wanga woyamba, pamene mabuku anakana kugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki. Munali mutanyamula kale chikwama, koma munachibweza pansi n'kukhala nane. Munandiuza kuti ndigawe kusiyanako ndi 9, ndipo tinapeza vocha imene ndinaitembenuza manambala. Simunandilande ntchitoyo kuti muimalize nokha. Munadikira mpaka ndinaipeza ndi maso anga. M'mawa mwake bwana atafunsa, simunanditchule.

Kuyambira tsiku limenelo, mabuku akakana sindichitanso mantha. Ndimayamba ndi 9, kenako ndimagawa pawiri, kenako ndimapita ku mavocha, monga munandionetsera. Mwezi wathawu mnyamata watsopano uja anakumana ndi vuto lomwelo, ndipo ndinadzimva ndikumuuza mawu anu omwe aja. Ndinakhala naye mpaka anaipeza yekha.

Munandiphunzitsanso kusasayina pepala limene sindinaliwerenge, ngakhale wolibweretsayo akhale wamkulu chotani. Chimenechi ndachisunga.

Zikomo kwambiri, Amayi. Mukapume bwino, ndipo Mulungu akusungeni pamodzi ndi banja lonse. Mukalola, ndidzakuimbirani ndikadzalemba mayeso anga omaliza kuti mudzamve mmene ndayendera.

Ine mwana wanu pa ntchito."

Kalata yonseyi ikukwana pa tsamba limodzi, ndipo utali umenewu ndi wokwanira. Ndime imene ili ndi mphamvu kuposa zonse ndi yachitatu, ya mnyamata watsopano uja. Munthu amene waphunzitsa anzake kwa zaka zambiri sasowa womuuza kuti ndi wabwino. Chimene amafuna kudziwa, makamaka pamene akutseka kabati yake komaliza, n'chakuti kodi zimene anadzala zipitirira iye atachoka. Mukamuuza kuti luso lake lafika kale kwa munthu wachitatu, mwamuyankha funso limene sangakufunseni. Ngati simunafike pophunzitsa wina, nenani chabe mmene mukugwiritsira ntchito lusolo lero, pa tebulo lanu, sabata ino.

Onaninso kuti mtsikanayo watchula kulakwitsa kwake mu mzere umodzi wokha n'kupitirira. Ena polemba kalata yotere amadzigwetsa pansi mopitirira, kunena kuti anali mbuli yotheratu, kuti popanda inu sakanakhala kanthu. Kudzichepetsa n'kwabwino, koma kukachuluka kalatayo imasanduka nkhani ya wolembayo, ndipo wolandirayo amakakamizika kuyamba kumutonthoza. Chimodzimodzinso amene amandandalika zonse zimene wakwanitsa, mayeso a ICAM amene wakhoza ndi kukwezedwa kumene walandira. Zimenezo zilowe pokhapokha ngati zikuonetsa dzanja la mphunzitsiyo. Kalatayi mwini wake ndi amene akuchokayo.

Pali kanthu kena m'chitsanzochi koyenera kusamala. M'nkhani ija tatchula K27,000 ndi K385,000 kuti wowerenga amvetse njirayo, koma m'kalata mtsikanayo sanatchule ndalama, dzina la kasitomala kapena la banki. Anachita dala. Kalata imachoka pa kampani n'kupita kunyumba, imawerengedwa ndi ana ndi alendo, ndipo masiku ano ikhoza kujambulidwa n'kuikidwa pa foni kuti abale aone. Zinsinsi za kampani, za odwala ngati muli ku chipatala, za ana asukulu ngati ndinu mphunzitsi, zisalowemo. Nkhani imamveka bwino lomwe popanda zimenezo.

Ntchito iliyonse ili ndi 9 wake. Makaniko wachinyamata angakumbuke tsiku limene mkulu wa galaja anamuletsa kumasula injini asanaimvetsere ikulira. Namwino angakumbuke sisitala amene anamuonetsa kapezedwe ka mtsempha pa dzanja la mwana wofooka. Mphunzitsi watsopano angakumbuke amene anamuuza choti achite m'mphindi zoyamba akalowa m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo. Kanthu kameneko kamaoneka kakang'ono moti munthu amachita nako manyazi kukalemba, poganiza kuti munthu wa zaka zambiri pa ntchito ayenera mawu akuluakulu. Koma kakang'onoko ndi kamene sangakamve kwa wina aliyense.

Tsopano za katchulidwe, chifukwa kwa ife kalata ikhoza kuwonongekera pa mzere woyamba. Muwatchule m'kalata monga mumawatchulira pamaso. Ngati tsiku ndi tsiku mumati Amayi, Abambo, Madamu kapena Bwana, musasinthe mwadzidzidzi n'kuwatchula dzina loyamba chifukwa choti akuchoka. Ngati mumawaitana ndi mfunda wawo, monga a Phiri, a Banda, Nabanda kapena Nangozo, ndipo iwo amakondwera nazo, mfundawo umafewetsa kalata kuposa mawu ena alionse aulemu. Kwa wamkulu kalata yonse iyende ndi inu. Kwa mnzanu wa msinkhu umodzi amene mumatchulana kuti iwe, achimwene kapena asisi, kulemba mwaulemu wopitirira kumamveka ngati mwayamba kumutalikira, choncho lembani monga mumalankhulirana.

Mawu akuti "wokondedwa" ndi ofunika kuwaganizira kawiri pamene mwamuna akulembera mkazi kapena mkazi akulembera mwamuna. Kusukulu tinaphunzira kuyamba nawo kalata, ndipo paokha alibe vuto. Koma kalatayi ikafika kunyumba ikhoza kupezedwa ndi mkazi kapena mwamuna wa mwini wake, amene sakukudziwani ndipo sadziwa kuti ubale wanu unali wa ntchito yokha. Mawu monga "sindidzakuiwalani mpaka kalekale" kapena "mwasiya bala mumtima mwanga" akhoza kuyatsa moto m'nyumba ya munthu amene mumafuna kumulemekeza. Lembani kalata yoti mwini wake angathe kuiwerenga mokweza pabalaza, banja lonse lili pomwepo. Kupereka moni ku banja kumapeto kumathandiza pa chifukwa chomwechi, kuwonjezera pa kukhala ulemu.

Nanga chilankhulo? Makalata a ntchito m'maofesi athu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo dzanja limathamangira komweko lokha. Koma ganizirani chilankhulo chimene munthuyo ankagwiritsa ntchito pokulangizani chitseko chili chotseka. Ngati ankati "mwana wanga, khala pansi ndikuuze", kalata ya Chingerezi cha m'mabuku idzamveka ngati yachokera ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Lembani m'chilankhulo chimene munkamvana, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chosakaniza chija cha mu ofesi. Mawu a ntchito monga vocha, lisiti ndi sitetimenti asiyeni momwemo, chifukwa ndi amene munkalankhula. Mwambi umodzi ukhoza kulowa ngati mwini wakeyo ankakonda kuunena, popeza pamenepo ukhala chikumbutso cha iye. Koma mwambi wongotola kuti kalata ikongole umabweza kalatayo ku mawu a aliyense aja.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaipitsa kalata yabwino, ndipo zonse zimalowa mozemba chakumapeto. Choyamba ndi pempho. Munthu akamapita ku kampani yaikulu kapena ku bungwe lolipira bwino, mtima umafuna kuwonjezera kuti "mukakhazikika musandiiwale" kapena "mpata ukapezeka mundikumbukire". Ntchito n'zosowa, ndipo palibe angadzudzule wachinyamata chifukwa choganiza zimenezi. Koma mzere umodzi umenewu umasintha tanthauzo la zonse zimene zili pamwamba pake. Wowerengayo amabwerera m'mbuyo n'kuyamba kudzifunsa ngati kuthokoza konse kuja sikunali njira yofikira pa pempholi. Ngati mukufuna kuti adzakhale mboni yanu pofunsira ntchito kwina, limenelo ndi pempho loyenera, ndipo ambiri amavomera mosangalala. Koma lipite palokha, tsiku lina, pakamwa kapena pa foni. Kalata yothokoza ipite yopanda katundu.

Chachiwiri ndi madandaulo. N'zosavuta kulemba kuti "inu nokha ndi amene munali ndi umunthu pano" kapena "tsopano titsala m'manja mwa anthu osatimvetsa". Wolembayo amaganiza kuti akuyamikira, koma kwenikweni akunyoza otsalawo, ndipo wachita zimenezo polemba, ndi dzina lake pansi. Pepala silisankha woliwerenga. Komanso mawu otere amamusenzetsa wochokayo chisoni choti akukusiyani pamavuto, pomwe iye ali ndi ufulu wopita. Kunena kuti mudzawasowa n'kokwanira.

Nkhaniyi imalimba pamene munthuyo sakuchoka mwa kufuna kwake. Kampani ikachepetsa antchito, kapena munthu akachotsedwa pa mlandu, sipakhala keke kapena chitenje. Anthu amene dzulo ankadya naye nsima amayamba kuyang'ana kumbali akamadutsa, poopa kuoneka ngati ali mbali yake. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene kalata imafunika koposa. Munthu amene wauzidwa kuti sakufunikanso amayamba kukayikira zaka zake zonse, ndipo pepala lonena kuti "chakutichakuti munandiphunzitsa ndinu, ndipo ndikuchigwiritsa ntchito" limamubwezera chinthu chimene kalata ya bwana yamulanda. Koma lembani mosamala. Musaweruze mlanduwo, musanene kuti anamulakwira kapena kuti bwana ndi woipa, ngakhale mumtima mukuganiza choncho. Nkhani zotere nthawi zina zimakafika ku khoti loweruza milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, ndipo simungafune kuti kalata yanu yothokoza ikasanduke umboni. Nenani zimene mukuzidziwa ndi maso anu, zimene munthuyo anakuchitirani inuyo. Musalembenso kuti "zonse zimachitika ndi cholinga" kapena mawu ena ofulumira kutonthoza. Amene ntchito yangomuthera akuganiza za lendi ndi fizi, ndipo mawu otere amamupweteka.

Nthawi zina amene anakuphunzitsaniyo anali wovuta. Ankakalipa, ankabweza ntchito katatu, mwina anakulizanipo. Simukukakamizidwa kunama kuti anali wofatsa, ndipo iye mwini angadziwe kuti mukunama. Simukuyeneranso kugwiritsa ntchito kalatayi pobwezera. Pali njira yoona yapakati: "Munkandibwezera lipoti mpaka likhale bwino. Nthawi imeneyo zinkandiwawa, koma lero palibe amene amandibwezera lipoti." Mawu otere akulu ambiri amawalandira bwino kuposa chiyamikiro chosalala, chifukwa amadziwa okha kuti sanali ophweka. Koma ngati munthuyo anakuzunzani kwenikweni, palibe mwambo umene ukukukakamizani kulemba. Kusayina pa khadi la gulu n'kokwanira.

Za nthawi yoperekera, ambiri amadikira tsiku lomaliza, ndipo limenelo ndi tsiku loipa kuposa onse. Munthu amakhala akubweza makiyi ndi laputopu, akusayinitsa mafomu, akufotokozera wolowa m'malo mwake za mafayilo, akujambulitsa ndi aliyense. Kalata yoperekedwa pamenepo imalowa m'katoni pamodzi ndi makapu ndi makalendala. Kwa wolandira malipiro pa mwezi, lamulo lija limati notisi ikhale ya mwezi umodzi, choncho nthawi zambiri mumakhala ndi masabata angapo mukudziwa. Lembani msanga, muisiye igone usiku umodzi, muiwerengenso m'mawa, ndipo muipereke kutatsala masiku awiri kapena atatu. Mukatero mwawapatsa mpata woiwerenga modekha ndi kukuyankhani mukadali limodzi. Kwa ogwira ntchito yowerengera ndalama, pewaninso masiku otseka mabuku kapena pamene akuthamangitsa msonkho wa PAYE ku MRA, chifukwa mutu umakhala uli kwina.

Pepala lolembedwa pamanja limaposa njira zina zonse, ngakhale zolemba zanu zikhale zokhotakhota. Limasungika m'Baibulo, m'Korani kapena m'fayilo ya masatifiketi, ndipo limapezekanso patapita zaka. Imelo ya kampani ndi yosadalirika pa ntchito imeneyi, chifukwa munthu akachoka akaunti yake imatsekedwa, mwina tsiku lomwelo, ndipo kalata yanu imatsekeredwa momwemo. Komanso makalata a mu imelo ya kampani oyang'anira makompyuta angathe kuwaona. Ngati munthuyo ali kutali, ku nthambi ya ku Mzuzu inu muli ku Blantyre, uthenga wa pa WhatsApp wopita kwa iye yekha ndi wabwino, koma ulembedwe ngati kalata, wathunthu, osati tizidutswa totumiza motsatizana. Pa gulu la WhatsApp la ofesi ikanipo mzere umodzi wofunira zabwino monga anzanu onse. Nkhani ya chikwama ija si ya pagulu. Ikaikidwa pamenepo ena amaiona ngati kudzionetsera, ndipo mwini wake amasowa poyankhira.

Popereka, tsatani ulemu umene mumaudziwa kale. Pezani nthawi imene ali okha, perekani ndi manja awiri, nenani mawu ochepa monga "Amayi, ndalemba timawu pang'ono, mukawerenge mukapeza mpata", kenako chokani. Musaimirire pomwepo kudikira kuti atsegule. Akulu ambiri safuna kuti wamng'ono awaone misozi ikulengeza, ndipo ena sadzatchulanso za kalatayo mpaka kuchoka. Kukhala chete kumeneko musakuyese kunyoza. Ngati mukufuna kuphatikizapo mphatso, ikhale yaing'ono, yoti isaphimbe kalatayo kapena kumuchititsa munthu kuganiza zobweza. Ndipo ngati amene akuchokayo akupita kumalo kumene adzakhale ndi mphamvu pa zinthu zokhudza inu kapena kampani yanu, monga ku ofesi ya boma yopereka ziphaso kapena makontirakiti, mphatso isiyeni, kalata yokha ipite.

Lonjezo la kumapeto kwa kalata nalo likhale loti mudzalisunga. "Tizilumikizana" aliyense amanena, ndipo kawirikawiri zimathera pomwepo. Mtsikana wa m'chitsanzo chija analonjeza chinthu chimodzi chodziwika, kuimba foni akadzalemba mayeso omaliza, ndipo anayamba ndi "mukalola", kusiyira mayiwo ufulu. Kwathu kuno munthu akakuchitira zabwino sitithokoza kamodzi. M'mawa mwake tikakumana timatinso zikomo chifukwa cha dzulo. Foni ya patapita miyezi ija imagwira ntchito yomweyo, ndipo kwa munthu amene wapuma pa ntchito, amene foni yake yasiya kulira monga inkalirira ali pa udindo, imafika pa nthawi yake.

Ena akuwerenga izi amene anawaphunzitsa ntchito anachoka kale, mwina zaka zapitazo, ndipo sanalembe kanthu. Kalata yochedwa imalandiridwabe, ndipo ili ndi mwayi umene ya pa nthawi yake ilibe, chifukwa tsopano muli ndi zambiri zoti munene za kumene luso lija lakufikitsani. Nambala yawo ipezeni kwa mnzawo wakale wa pa ntchito kapena kumpingo kwawo, ndipo mufunse kaye ngati ali bwino, chifukwa pa zaka zingapo pamachitika zambiri, matenda ndi maliro omwe. Poyamba dzidziwitseni bwinobwino, dzina lanu, chaka chimene munafika ndi tebulo limene munkakhala, popeza munthu amene anaphunzitsa ambiri sangakumbuke aliyense ndi dzina lokha. Kupepesa chifukwa chochedwa kukhale kwa mzere umodzi, kenako pitani ku nkhani ya tsiku lija.